Kujambula phazi la amayi papepala: mafunso ndi mayankho pa kalata yochokera ku Leeds

Ine ndimasoka nsapato ku Highfield, kufupi ndi Machipisa, ntchito imene ndinaphunzira kwa bambo anga omwe anabwera muno mu Harare kuchokera ku Dedza. Mabanja ambiri a anthu akwathu kuno ali ndi mwana ku Joni, ku Kapa kapena ku Mangalande, ndipo nsapato zimene ana amenewa amatumiza zimathera pabenchi panga kuti ndizikulitse. Zina ndimatha, zambiri sinditha. Chaka chatha mayi ena a ku Mufakose, amene timapemphera nawo ku CCAP, anandibweretsera kalata ya mwana wawo wa ku Leeds, ku Mangalande, yowauza mmene angajambulire phazi lawo. Kuyambira pamenepo amayi a Mvano akhala akundifunsa za kalatayo, ndiye ndaika pano mafunso awo ndi mmene ndimawayankhira. Eni kalata anandilola, bola ndisatchule maina.

Bwanji osangomuuza mwanayo saizi imene amayi amavala?

Anayesa zimenezo, ndipo n'zimene zinabala kalatayi. Mayiwa anamuuza pafoni kuti amavala 5, chifukwa ndiyo saizi imene ankagula kuyambira ali mtsikana. Mwanayo anagula nsapato zakuda zachikopa, zokongola ndithu, zoti azivala pa yunifolomu ya Mvano, n'kupatsira munthu amene amabwera kuno pa Khirisimasi. Anazivala Lachinayi limodzi lokha. Pobwerera kunyumba anazinyamula m'manja, chala chachikulu chakumanja chitatuluka thuza.

Phazi la munthu silikhala chimodzimodzi moyo wonse. Mayi akabereka, akanenepa, akakalamba, kamlatho ka pansi pa phazi kamatsika, ndipo phazi limatalika pang'ono n'kutambalala. Mayi amene wakhala zaka zambiri akuyenda ndi patapata kapena nsapato zansalu sazindikira kusinthaku, poti nsalu imalolera. Chinanso n'chakuti nambala ya pansi pa nsapato imanena za chikombole chimene anaumbira nsapatoyo, ndipo fakitale iliyonse ili ndi zikombole zake. Saizi 5 ya ku Bata ya ku Gweru ndi 5 ya m'sitolo ya ku Leeds zikhoza kufanana kutalika koma n'kusiyana kwambiri mmene zimagwirira zala.

Pano pa Harare nsapato ikathina mumabwerera nayo kusitolo. Yochokera kutsidya la nyanja ilibe kobwerera.

Kalatayo inati chiyani?

Nayi, ndangochotsa za m'banja zimene sizikutikhudza.

Okondedwa Amayi,

Muli bwanji kumeneko, ndi ana onse? Ine kuno ndili bwino, kungoti kukuzizira. Ndinamva chisoni kuti nsapato zija zinakupwetekani. Cholakwa ndi changa, ndinagula mongoganizira. Ulendo uno ndikupempha kuti mundithandize, ndipo musachite nokha, muitane mdzukulu wanu wamkulu uja akaweruka kusukulu.

Muchite madzulo, mutamaliza ntchito zonse za tsikulo, osati m'mawa. Mutenge mapepala awiri oyera, aakulu ngati a kalata ino, ndi pensulo yosongoka bwino. Muike pepala pasimenti, osati pamphasa kapena pakapeti, ndipo alimate ndi selotepi kuti lisasunthe. Muvale sokosi zimene mumavala popita kutchalitchi. Kenako muimirire, phazi limodzi papepala, linalo pambali pake monga mumaimira nthawi zonse. Musaweramire pansi kuti muone zimene akuchita, Amayi, muyang'ane kutsogolo. Ngati mukuopa kugwa mugwire mpando.

Iyeyo agwade, agwire pensulo chilili ngati mtengo wa bendera, ndipo aizungulize phazi lonse ikukhudza khungu, kuyambira kuchidendene mpaka kubwereranso kuchidendene. Asaipendeketse kulowa pansi pa phazi. Akamaliza musachokepo msanga. Atenge tepi ya telala, aizungulize phazi pamene latambalala kwambiri, podutsa pafupa la chala chachikulu ndi la kachala kakang'ono, alembe nambalayo papepala lomwelo. Alembenso kuti ili ndi lamanja kapena lamanzere. Mukatero muchite chimodzimodzi ndi phazi linalo papepala lachiwiri.

Mundiuzenso pamene nsapato zija zinkakupwetekani, ndipo aike kamtanda pamalopo pachithunzicho. Musachite manyazi kundiuza, ndipo musachepetse nambala poganiza kuti nsapato yaikulu ndi yodula. Mtengo ndi umodzi.

Ndine mwana wanu.

Mnyamatayu sanaphunzire za nsapato, koma anafunsa bwino kumene ali, ndipo palibe chimene ndingachotsemo. Mawu omaliza aja, oti musachepetse nambala, ndi a munthu wowadziwa mayi ake. Amayi athu ambiri sakonda kuvutitsa mwana amene ali kutali, ndipo amavomera chilichonse.

N'chifukwa chiyani akuumirira kuti aimirire? Mayi anga miyendo imawavuta, sangakhale pampando?

Apa ndi pamene zithunzi zambiri zimalakwikira. Munthu akakhala pansi phazi silisenza kanthu, limakhala lofupika ndi lopapatiza. Akaimirira thupi lonse limatsikira pamenepo, zala zimayanzika, phazi limatalika ndi mamilimita angapo. Nsapato imavalidwa ndi munthu woyenda, choncho phazi lofunika kuliyeza ndi loimirira lija. Mamilimita angapo akuoneka ochepa, koma kuchoka pa saizi ina kufika pa ina m'nambala za ku Mangalande ndi mamilimita 8 ndi theka okha, ndipo theka la saizi ndi mamilimita 4 basi.

N'chifukwa chake munthu sangadzijambule yekha. Akawerama kuti afikire pansi, thupi limapendekera kutsogolo, chidendene chimanyamuka pang'ono, zala zimakanda pansi. Ndaonapo zithunzi zotere: kutsogolo kotambalala, kuchidendene kopyapyala ngati phazi la mwana.

Ngati mayi sangathe kuima nthawi yaitali, konzani zonse asanaimirire, pepala lomata kale, pensulo ili m'manja. Agwire mpando kapena phewa la munthu wina, koma asatsamire kwambiri moti phazi n'kupepuka. Kuzunguliza phazi limodzi sikutenga ngakhale mphindi imodzi. Akhale pansi apume, kenako linalo. Ngati kuima sikutheka n'komwe, akhale pampando wolimba, bondo litapindika bwino, phazi litaponda lonse, wina akanikize bondolo ndi manja, ndipo mulembe papepalapo kuti anajambula atakhala, kuti wogulayo adziwe kuti nambalayo yaperewera pang'ono.

Nanga za madzulo zili ndi ntchito?

Zili nayo. Mapazi amatupa tsiku likamapita, makamaka mwa achikulire, ndiponso m'miyezi yotentha ngati Okutobala. Nsapato yoyezedwa m'mawa imathina pobwera ku maliro kapena ku msonkhano wa tsiku lonse.

Pensulo ikapendekeka chimalakwika n'chiyani?

Ikapendekera mkati, nsonga yake imalowa pansi pa phazi, ndipo mumajambula pamene khungu lagunda pansi pokha. Koma phazi ndi lalikulu kuposa pamene limaponda. Chidendene chimatuluka kumbuyo chapamwamba pang'ono, fupa la chala chachikulu limatuluka m'mbali, ndipo malo amenewa ndi amene amakhulana ndi nsapato. Chithunzi chotero chimachepa. Ikapendekera kunja chithunzi chimakula, ndipo nsapato imadzakhala yokhwepa.

Ngakhale mutaigwira chilili, pali kanthu kena kamene mnyamata uja sanalembe ndipo ndinawauza mayiwo ndine. Pensulo wamba ndi yonenepa pafupifupi mamilimita 7, ndipo nsonga yolembera ili pakati. Thupi la pensulo likakhudza khungu, mzere umagwa mamilimita 3 ndi theka kunja kwa phazi. Kuchidendene atatu ndi theka, kuzala atatu ndi theka, onse pamodzi 7. Ndiye mukayeza chithunzicho ndi rula muchotsepo 7 ameneyo. Musagwiritse ntchito cholembera chonenepa cha pakatoni chija, chimawonjeza zambiri.

Pali njira ina yotsimikizira kutalika imene ine ndimaikhulupirira kuposa chithunzi. Gundikizani pepala kukhoma, mayi aime chidendene chitakhudza khomalo, ndipo muike buku lachikuto cholimba choimika kutsogolo kwa chala chotalika kwambiri. Lembani mzere m'mphepete mwa bukulo, muyeze kuchoka kumapeto a pepala. Apa palibe chochotsera. Onetsetsani kuti khomalo lilibe thabwa kapena simenti yotuluka m'munsi. Ndipo chala chotalika si chachikulu nthawi zonse, kwa anthu ena ndi chachiwiri.

Tepi ya telala ija ndi ya chiyani, poti chithunzi chikuonetsa kale kutambalala?

Chithunzi chimaonetsa mthunzi wa phazi, sichionetsa msinkhu wake. Amayi awiri akhoza kukhala ndi zithunzi zofanana, wina phazi lake ndi lathyathyathya, wina ndi lamnofu lokwera pamwamba. Wachiwiriyu sangalowe m'nsapato imene woyambayo akuyenda nayo bwinobwino. Tepi yozungulira ndiyo imagwira zimenezi. Izungulire modutsa pa mafupa awiri aja, yokhudza khungu koma yosamanga, mayi ali chiimire. Ngati m'nyumba mulibe tepi, tengani chingwe chosatanuka kapena kansalu kong'amba, ikani chizindikiro pamene chakumana, muchiyale pa rula. Ulusi woluka majuzi ayi, umatanuka.

Pantchito yanga ndimaona chonchi: nambala yozungulira ikafika pofanana ndi kutalika kwa phazi kapena kupitirira, phazilo ndi lotambalala, ndipo nsapato wamba ya m'sitolo idzathina ngakhale saizi ikhale yolondola. Ku Mangalande nsapato za amayi zimakhalanso ndi zilembo zosonyeza kutambalala. D ndi wamba, E ndi yotambalala, EE ndi EEE kuposa apo, ndipo pabokosi kapena pa intaneti amalemba kuti "wide fit". Mayi wa phazi lokwera pamwamba muyezeninso kachiwiri pakati pa phazi, pamene pamadutsa zingwe za nsapato.

Nambala za mayi a ku Mufakose zinatuluka bwanji?

Anabwera ndi mapepala awiri aja, mdzukulu wawo atawanyamulira m'buku la masamu kuti asakwinyike. Mtsikanayo amalankhula Chishona kwambiri, Chichewa amangomva, choncho agogo ake ndiwo ankawerenga kalata mokweza iye n'kumachita. Anagwira ntchito yaukhondo. Mzere unali umodzi, wosabwerezabwereza, ndipo pafupa la chala chachikulu chakumanja anaikapo kamtanda monga anauzidwa.

Chithunzi chakumanja chinali masentimita 25.2 kuchoka kuchidendene kufika kuchala chotalika. Titachotsa za pensulo zinatsala 24.5. Tinayesanso ndi njira ya khoma pashopu panga, inatipatsa 24.5 yomweyo, ndiye tinadziwa kuti pensulo inagwiridwa bwino. Lamanzere linali 24.1. Kusiyana kotere n'kwachibadwa, ndipo nsapato imagulidwa potsata phazi lalikulu.

Nsapato iyenera kutalika mkati kuposa phazi, kuti zala zipeze poyenda munthu akaponda. Ndimawonjeza sentimita imodzi ndi theka, ndiye 24.5 inakhala 26. Nambala za EU, za ku Ulaya zija za 38, 39, 40, zimakwera ndi magawo awiri mwa atatu a sentimita, choncho mumangochulukitsa ndi 1.5. Apa 26 kuchulukitsa ndi 1.5 ndi 39. Saizi 39 ya EU imagwera pa 6 ya UK, ndipo nambala za UK ndi zomwe timagwiritsa ntchito kuno ndi ku Joni. Mayi amene ankadziwa kuti amavala 5 anali wa 6.

Tepi yozungulira inapereka 24.6 kumanja ndi 23.8 kumanzere. Kumanja kunapitirira kutalika kwa phazi, chifukwa cha fupa lotuluka lija. Ndiye uthenga umene tinatumiza ku Leeds unali wakuti agule 6 yotambalala, yachikopa chofewa, yozungulira kutsogolo, yopanda msoko pamene pali kamtanda, ndiponso yalamba kapena zingwe kuti kumanzere azitha kumanga pang'ono.

Amene muli ndi ana ku Amereka samalani, nambala za kumeneko ndi zina. Pa nsapato za amayi zimakhala patsogolo ndi ziwiri, moti 6 yathu kumeneko ndi 8.

Kodi tingangojambula pepalalo ndi foni n'kutumiza pa WhatsApp?

Mungathe, koma chithunzi cha pafoni chilibe msinkhu. Phazi la khanda ndi la bambo wamkulu zimadzaza sikirini mofanana. Komanso foni ikapendekeka pang'ono, mbali imene ili pafupi imaoneka yaikulu. Choncho chofunika kwambiri ndi nambala zolembedwa papepalapo ndi manja, zazikulu zooneka: kutalika, kuzungulira, lamanja kapena lamanzere, ndiponso ngati mwachotsa kale za pensulo. Lembani m'masentimita, ndipo mutchule kuti ndi masentimita. Tepi ya telala ili ndi mainchesi kuseri kwake, ndipo ndinaonapo banja lina litatumiza nambala ya mbali imeneyo osanena.

Pojambula, foni ikhale pamwamba penipeni pa pepala, m'mbali zonse zinayi za pepala zikuoneka. Ikani rula pambali pa phazilo. Ngati mulibe rula pafupi, ikani dola yapepala ya ku Amereka, imene tonse tili nayo m'thumba muno mu Harare, itayalidwa bwino. Ndi yotalika masentimita 15.6, ndipo ndalama zonse zapepala za ku Amereka ndi zofanana msinkhu. Pepala la A4 nalonso limadziwika, ndi 21 m'lifupi ndi 29.7 m'litali.

Mwanayo akafuna kusindikiza chithunzicho kumene aliko, asankhe "Actual size" kapena 100%, osati "Fit to page", chifukwa imeneyi imachepetsa chithunzi mwakachetechete. Akasindikiza ayeze rula kapena dola ija papepala latsopanolo. Ikapanda kukwana, pepalalo alitaye, atsate nambala.

Pakapezeka munthu wopita komweko, mpatsireni pepala lenilenilo. Kulipinda sikuononga kanthu bola lisanyowe.

Mwanayo kusitolo akachita nalo chiyani pepalalo?

Asaliike pansi pa nsapato n'kumayerekeza ndi soli yakunja. Soli ndi yaikulu kuposa malo a mkati, ndipo pa nsapato zina kusiyana kwake n'kwakukulu. Nsapato zambiri zili ndi kansalu kopondapo kamene kamachoka. Akatulutse, akaike pamwamba pa chithunzi, chidendene pa chidendene. Kutsogolo kapitirire chala chotalika ndi sentimita imodzi kapena imodzi ndi theka, poyeza kuchokera paphazi lenileni osati pamzere wa pensulo, ndipo m'mbali phazi lisasefukire kunja kwambiri, makamaka pamene pali kamtanda.

Ngati kansaluko n'komata, adule kachidutswa ka katoni kopyapyala, kotambalala ngati zala ziwiri, kotalika ndendende ngati phazi. Kwa mayi aja kanali ka 24.5. Akalowetse m'nsapato mpaka kagunde kutsogolo, mbali ya chala chotalika. Kakapindika, nsapatoyo ndi yaifupi. Kakagona bwino n'kusiya mpata kumbuyo woti chala cha dzanja chilowe, ndiye kuti yakwana.

Ikathina pang'ono, si ikula akamaivala?

Chikopa chenicheni chimalolera m'mbali, ndipo ine ndili ndi chitsulo chokulitsira chimene ndimasiya m'nsapato usiku wonse, n'kukankha pamalo amodzi pamene fupa likugunda. Zimenezo zimatheka. Kutalika sikukula ngakhale pang'ono, chifukwa soli ndi chikopa cholimba cha kutsogolo ndi kuchidendene sizisuntha. Zapulasitiki zooneka ngati chikopa nazo sizimva chitsulo, zimabwerera mwakale kapena kung'ambika pamsoko. Nsapato zoyamba zija za saizi 5 anandibweretsera, ndinawauza zoona kuti sindingazithe. Anapatsa mng'ono wawo.

Komanso musathawire ku saizi yaikulu pofuna kutambalala. Mukagula 7 chifukwa 6 ikuthina m'mbali, popindikira nsapato sipagwirizana ndi popindikira phazi, chidendene chimavuka, ndipo munthu wachikulire akhoza kupunthwa nayo potsika kombi.

Mayi anga ali ndi matenda a shuga. Pali chosiyana?

Chilipo, ndipo ndikupempha kuti muchitenge mozama. Shuga ikakhalitsa imatha kuchititsa dzanzi kumapazi, moti nsapato imadya khungu munthu osamva kanthu, ndipo chilonda cha paphazi la wodwala shuga chimavuta kupola. Mayi wotere mukamufunsa ngati nsapato ikuthina adzati ayi, ndipo sakunama. Choncho kwa iyeyu pepala ndi tepi ndizo zimalankhula m'malo mwa phazi. Mulembereni mwanayo za matendawa, asankhe yotambalala, yakuya kuzala, yopanda misoko yokhakhala mkati. Ikafika pisani dzanja mkati monse musanawaveke. Tsiku loyamba avale ola limodzi lokha, muvule, muyang'ane khungu pamalo owala, pakati pa zala ndi kuchidendene komwe. Pakakhala pofiira kapena podera posachoka, nsapatoyo isiyeni. Pakakhala chilonda kale, kapena phazi limodzi latupa kuposa linzake mwadzidzidzi, yambani mwapita kuchipatala, za nsapato zidikire.

Zikafika tidziwa bwanji kuti zakwana?

Ayese madzulo, ndi sokosi zomwe zija, nsapato zonse ziwiri, ataimirira. Dinikizani ndi chala chanu chachikulu kutsogolo kwa nsapato, mumve pamene chala chawo chathera, papezeke mpata ngati kunenepa kwa chala chanucho. Afunseni agwedeze zala zonse mkatimo. Ayende m'nyumba kangapo inu mukuyang'ana kumbuyo ngati chidendene chikutuluka. Ndipo muyang'ane nkhope yawo poyenda, chifukwa pakamwa adzanena kuti zili bwino kuopa kukhumudwitsa mwana.

Za mayi a ku Mufakose zinafika mu Epulo, 6 yotambalala, yalamba wapamwamba. Kumanja inakhala bwino osafuna chitsulo changa. Kumanzere chidendene chinkavuka pang'ono, monga tinkayembekezera ndi mamilimita 4 aja, ndiye ndinamata kachikopa kofewa mkati mwa chidendene ndi kuboola bowo lina palamba. Mapepala awiri aja anawasunga m'Baibulo lawo, ndipo ndinawauza kuti alembepo tsiku, adzajambulenso pakatha chaka asanaitanitse zina.